Paroli ku South Africa: mmene mkaidi amatulukira chilango chisanathe, ndi zimene zingamubwezere kundende

Paroli ndi dongosolo limene limalola mkaidi kutuluka m'ndende nthawi imene khoti linamulamula isanathe, n'kukamalizira chilango chake kunja, pansi pa malamulo amene amuikira komanso akuyang'aniridwa ndi ogwira ntchito kundende. Mkaidiyo sakhululukidwa, ndipo zaka zake sizichepetsedwa. Amene analamulidwa zaka 10 n'kutuluka pa paroli atagwira zaka 6 amakhalabe m'manja mwa boma zaka 4 zotsalazo. Kusiyana kwake n'kwakuti zaka zotsalazo amazigwirira kunyumba, ndipo akaphwanya malamulo akhoza kubwezedwa kundende tsiku lililonse.

South Africa ndi dziko limene dongosololi linakhazikika bwino m'malamulo, ndipo milandu ina yotchuka ya kumeneko yaonetsa poyera mmene limayendera. Lamulo limene limatsogolera zonse ndi la ndende la nambala 111 la chaka cha 1998, ndipo zigawo zake zokhudza paroli zinayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2004. Lamuloli limakhudza aliyense wogamulidwa m'dzikolo, nzika ngakhale mlendo, kuphatikizapo Amalawi, Azambiya ndi anthu a ku Mozambique amene amakhala kumeneko.

Njira zosiyana zotulukira msanga

Anthu ambiri amasokoneza paroli ndi njira zina zotulukira msanga, pamene njirazi zimasiyana pa amene amagamula komanso pa zimene zimatsatira munthu akatuluka. Kuchotsera masiku kumafupikitsa chilango chenichenicho: tsiku lomaliza limasendezedwa pafupi, ndipo likakwana munthu amatuluka wopanda womulondola. Ku Malawi njira imeneyi ndi yodziwika, chifukwa lamulo la ndende lakhala likulola kuti mkaidi wa khalidwe labwino amuchotsere gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake. Chikhululuko cha pulezidenti, chimene ku Malawi chimamveka kawirikawiri pa 6 Julayi ndi pa Khirisimasi, ndi mphamvu ya mtsogoleri wa dziko yochokera m'malamulo oyendetsera dziko. Ku South Africa nakonso pulezidenti ali ndi mphamvu yokhululuka ndi yochotsera akaidi masiku, ndipo anaigwiritsa ntchito mu Disembala 2019 ndi mu Ogasiti 2023.

Paroli sisendeza tsiku lomaliza. Ilinso ndi mitundu yake. Pali paroli yamasana, imene mkaidi amatuluka m'mawa kukagwira ntchito kapena kukazolowerana ndi abale, madzulo n'kubwerera kukagona kundende. Imeneyi amaigwiritsa ntchito makamaka kwa amene akhalitsa m'ndende ndipo akufunika kuzolowera moyo wakunja pang'onopang'ono. Pali paroli yathunthu, imene munthu amakakhala kunyumba. Palinso paroli ya odwala, imene ili ndi malamulo akeake.

Tsiku limene mkaidi angayambe kuganiziridwa

Gawo 73 la lamuloli limanena nthawi yochepetsetsa imene mkaidi ayenera kukhala m'ndende asanaganiziridwe. Kwa amene analamulidwa zaka zowerengeka zopitirira ziwiri, nthawiyo ndi theka la chilango. Ngati zilango zake n'zazitali kwambiri, mwachitsanzo zaka 60 zikaphatikizidwa, ayenera kuganiziridwa akakwanitsa zaka 25, ngakhale theka lisanakwane. Kwa amene analamulidwa miyezi 24 kapena yocheperapo, nthawiyo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Wolamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse amaganiziridwa atatha zaka 25, koma akafika zaka 65 zakubadwa akhoza kuganiziridwa ngati wagwira zaka 15.

Khoti limene likupereka chilango lingathenso kuika lokha nthawi imene mkaidi sangatuluke pa paroli. Mphamvu imeneyi ili m'gawo 276B la lamulo la kazengedwe ka milandu, ndipo ili ndi malire: nthawiyo singapitirire magawo awiri mwa atatu a chilango, kapena zaka 25, potengera chimene chili chachifupi. Choncho munthu wolamulidwa zaka 12 angaganiziridwe atatha zaka 6 ngati khoti silinanene kanthu, koma ngati woweruza anaika malire, akhoza kudikira mpaka zaka 8.

Kuwerenga kumayambira tsiku limene chilango chinaperekedwa. Miyezi imene munthu anakhala pa limandi podikira mlandu siilowa yokha m'chiwerengerochi. Woweruza amatha kuiganizira posankha kutalika kwa chilango, koma chilango chikangoperekedwa, masiku a paroli amawerengedwa kuyambira pamenepo. Apa ndi pamene abale ambiri amalakwitsa masamu, n'kumayembekezera tsiku limene silinafike.

Akaidi a milandu yakale amatsata malamulo akale. Mu 2010, pa mlandu wa Van Vuren, Khoti Loona za Malamulo Oyendetsera Dziko linagamula kuti olamulidwa moyo wonse kalekale, lamulo latsopanoli lisanabwere, aganiziridwe potsata ndondomeko imene inalipo pa nthawi yawo. Mu 2019, pa mlandu wa Phaahla, khoti lomwelo linanena kuti paroli ndi mbali ya chilango, kotero chofunika ndi tsiku limene mlandu unapalamulidwa, osati tsiku limene chigamulo chinaperekedwa. N'chifukwa chake akaidi awiri a chilango chofanana, ogona chipinda chimodzi, amatha kukhala ndi masiku osiyana oyambira kuganiziridwa.

Mfundo yaikulu pa zonsezi ndi yakuti tsikuli likafika, mkaidi amapeza ufulu woti nkhani yake imvedwe, osati ufulu wotuluka. Makhoti a ku South Africa abwereza mfundoyi kambirimbiri. Amene wakanidwa nthawi zonse amagwira chilango chake chonse mpaka tsiku lomaliza.

Ntchito imene imachitika tsikulo lisanafike

Kukonzekera paroli kumayamba mkaidi akangolowa m'ndende. Aliyense wa chilango choposa miyezi 24 amamuunika n'kumulembera ndondomeko ya zimene ayenera kuchita ali m'katimo: maphunziro, ntchito zamanja, uphungu wa kuugwira mtima, thandizo losiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, kapena maphunziro a opalamula milandu yogwiririra. M'ndende iliyonse muli komiti ya ogwira ntchito imene imatsata mmene mkaidi akuyendera pa ndondomekoyi, ndipo ndi komiti yomweyi imene imalemba lipoti lopita ku bungwe la paroli.

Lipotili limanena za mlandu umene munthu anapalamula ndi mawu amene woweruza ananena popereka chilango, milandu yake yakale, khalidwe lake m'ndende, zilango zimene analandira chifukwa chophwanya malamulo a m'katimo, maphunziro amene wamaliza, thanzi lake la m'thupi ndi la m'maganizo, komanso ngati pali chiopsezo choti angapalamulenso. Pa milandu ikuluikulu amaphatikizapo malipoti a katswiri wa zamaganizo ndi a wogwira ntchito zosamalira anthu.

Pali chinthu china chimene chimagwetsa akaidi ambiri ngakhale khalidwe lawo lili labwino: malo okafikira. Ogwira ntchito amapita kukaona nyumba imene mkaidi watchula, kukatsimikiza kuti ilipodi, kuti ingafikiridwe poyendera, ndiponso kuti mwini wake wavomera kumulandira ndi kumusamala. Popanda adiresi yotsimikizika palibe njira yomuyang'anirira, ndipo paroli imaima. Vutoli limakula kwa alendo amene alibe abale okhazikika m'dzikolo. Mlendo amene boma lagamula kuti abwezedwe kwawo satulutsidwa kuti akakhale m'tauni ayi. Amaperekedwa m'manja mwa oona zolowa ndi kutuluka m'dziko kuti amutumize kwawo.

Amene amagamula

Amene amagamula amasiyana malinga ndi kukula kwa chilango. Pa zilango za miyezi 24 kapena yocheperapo, mphamvu ili ndi mkulu wa ndende zonse m'dziko, ndipo amaipereka kwa akuluakulu a ndende zosiyanasiyana. Pa zilango zoposa apo amagamula ndi bungwe la paroli la dera limenelo. M'bungweli mumakhala wapampando, wachiwiri wake, anthu awiri ochokera m'deralo, ndi wogwira ntchito kundende mmodzi. Apolisi akhoza kuitanidwa kuti akhale nawo pa milandu ina. Kuti msonkhano uchitike pamafunika mamembala atatu, ndipo mmodzi mwa iwo akhale wapampando kapena wachiwiri wake.

Kwa olamulidwa moyo wonse, bungweli siligamula. Limangopereka maganizo ake ku khonsolo yaikulu yoona za ndende, imene mumakhala majaji ndi akatswiri ena, ndipo khonsoloyo imalangiza nduna. Mawu omaliza ndi a nduna. Komabe nduna ilibe ufulu wokana mmene yafunira. Janusz Waluś, amene anapha mtsogoleri wa chipani cha chikomyunizimu Chris Hani pa 10 Epulo 1993, anakanidwa paroli kangapo ndi nduna zosiyanasiyana. Pa 21 Novembala 2022 Khoti Loona za Malamulo Oyendetsera Dziko linapeza kuti kukana komaliza kunalibe maziko omveka, chifukwa nduna inavomereza kuti mkaidiyo wakwaniritsa zofunika zina zonse koma inakana potengera kuipa kwa mlandu ndi mawu a khoti limene linamuweruza, zinthu zimene sizingasinthe ngakhale patapita zaka zingati. Khotilo linalamula kuti atulutsidwe. Anatuluka pa 7 Disembala 2022, anakhala pa paroli zaka ziwiri, ndipo mu Disembala 2024 anabwezedwa kwawo ku Poland.

Mmene msonkhano umayendera

Msonkhano wa paroli umachitikira kundende, ndipo si mlandu wachiwiri. Bungwe silifunsa ngati munthuyo analakwadi, chifukwa khoti linagamula kale. Funso lake ndi lakuti: kodi munthuyu angamalizire chilango chake kunja popanda kuika anthu pachiopsezo, ndipo ngati angatero, pafunika malamulo otani?

Msonkhano usanachitike, mkaidi ayenera kuuzidwa zimene komiti yalemba za iye ndi kupatsidwa mpata woyankha molemba. Pa tsikulo amaonekera yekha pamaso pa bungwe, ndipo akhoza kubwera ndi womuimira, loya kapena munthu wina, kupatula mkaidi mnzake, wogwira ntchito kundende, wapolisi kapena wogwira ntchito ku unduna wa zachilungamo. Mamembala amamufunsa za mlandu wake, za zimene waphunzira, za kumene akakhale ndi zimene akadye. Amamvetsera ngati akuvomereza zimene anachita kapena akukankhirabe ena, ndiponso ngati zimene akunena zikugwirizana ndi malipoti a akatswiri.

Olakwiridwa ali ndi malo awo. Gawo 299A la lamulo la kazengedwe ka milandu limalamula khoti kuti, popereka chilango pa milandu monga kupha, kugwiririra, kuba moopseza ndi zida ndi kuba munthu, liuze wolakwiridwa kapena abale a womwalirayo kuti ali ndi ufulu wodzapereka maganizo awo paroli ikamadzaganiziridwa. Amene akufuna kugwiritsa ntchito ufuluwu ayenera kudziwitsa a ndende molemba, kupereka adiresi, ndi kunena akasamuka. Ambiri sadziwa zimenezi, ndipo zaka zikapita a ndende amalephera kuwapeza. Ena amangomva kwa anansi kuti amene anawalakwira watuluka. Wolakwiridwa akhoza kulemba kalata kapena kubwera pa msonkhano. Palinso mwayi woti akumane ndi mkaidiyo pamaso pa mkhalapakati, koma iye sakakamizidwa kutero. Maganizo ake amaganiziridwa pamodzi ndi zina zonse, ndipo amathandiza posankha malamulo, monga loletsa mkaidi kufika kumudzi kwake, koma alibe mphamvu yoletsa paroli payekha.

Bungwe likamaliza, limavomera n'kuika tsiku ndi malamulo, kapena limakana n'kuika tsiku lina lodzaonanso nkhaniyo, kawirikawiri pasanathe zaka ziwiri, ndi kunena zimene mkaidi akonze pa nthawiyo. Chigamulo cha bungwe chikhoza kutumizidwa ku bungwe lina lounikanso ngati nduna, mkulu wa ndende zonse kapena jaji woyendera ndende waona kuti china chake chalakwika, ndipo zikatero kutuluka kumayamba kwaima. Mkaidi amene sakukhutira njira yake ndi ya Khoti Lalikulu, limene limaona ngati ndondomeko inatsatidwa komanso ngati chigamulo chili ndi zifukwa zomveka.

Nkhani ya Oscar Pistorius

Mlandu wa katswiri wothamanga Oscar Pistorius umaonetsa pafupifupi sitepe iliyonse ya dongosololi. Iye anawombera ndi kupha chibwenzi chake Reeva Steenkamp pa 14 Febuluwale 2013 ku Pretoria. Mu Okutobala 2014 anapatsidwa zaka 5 pa mlandu wopha munthu mosasamala, pansi pa gawo la lamulo limene limalola munthu kukamalizira chilango ali pa ukaidi wapanyumba akagwira gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi. Gawo limenelo la zaka 5 ndi miyezi 10, ndipo bungwe linaika Ogasiti 2015 ngati nthawi yotuluka. Nduna Michael Masutha inatumiza chigamulocho ku bungwe lounikanso, ponena kuti chinapangidwa miyezi 10 ija isanakwane. Pistorius anatuluka mu Okutobala 2015.

Mu Disembala 2015 Khoti Lalikulu la Apilo linasintha mlanduwo kukhala wakupha mwadala. Mu Julayi 2016 anapatsidwa zaka 6 n'kubwerera kundende, ndipo mu Novembala 2017 khoti la apilo linakweza chilangocho kufika zaka 13 ndi miyezi 5. Chiwerengero chachilendochi chinabwera chifukwa khoti linatenga zaka 15, zimene lamulo limaika ngati chilango chochepetsetsa pa mlandu wotere, n'kuchotsapo nthawi imene anali atagwira kale.

Kusinthasintha kwa zigamuloku kunasokoneza kawerengedwe. Theka la zaka 13 ndi miyezi 5 ndi zaka 6 ndi miyezi 8 ndi theka, koma funso linali lakuti kuwerenga kuyambire tsiku liti. Mu Juni 2022 Pistorius anakumana ndi bambo a malemuyo, a Barry Steenkamp, pamaso pa mkhalapakati. Pa 31 Malichi 2023 bungwe la paroli linakhala pansi n'kukana, ponena kuti nthawi yochepetsetsa sinakwane ndipo adzaganiziridwe mu Ogasiti 2024. Maloya ake anapita ku Khoti Loona za Malamulo Oyendetsera Dziko, limene mu Okutobala 2023 linatsimikiza kuti theka linali litakwana kale mu Malichi 2023, powerengera kuyambira Julayi 2016.

Msonkhano wachiwiri unachitika pa 24 Novembala 2023 kundende ya Atteridgeville. A Barry Steenkamp anali atamwalira mu Sepitembala. Mayi a malemuyo, a June Steenkamp, sanabwere, koma anatumiza kalata yonena kuti sakutsutsa paroliyo ngakhale akukayika ngati mkaidiyo wasinthadi, makamaka pa nkhani ya ukali. Bungwe linavomera, ndipo anatuluka pa 5 Januwale 2024 kukakhala kwa mchimwene wa bambo ake ku Waterkloof, mumzinda wa Pretoria. Anamuletsa kumwa mowa, kulankhula ndi atolankhani, ndi kuchoka m'dera lake popanda chilolezo. Anamulamula kukhala panyumba pa maola oikika, kugwira ntchito yothandiza anthu, ndi kupitiriza uphungu wa kuugwira mtima ndi wa nkhanza zochitira amayi. Malamulowa adzatha mu Disembala 2029, pamene zaka 13 ndi miyezi 5 zidzakwane.

Malamulo a paroli

Malamulo amene bungwe lingaike alembedwa m'gawo 52, ndipo amasankhidwa potengera munthuyo ndi mlandu wake. Mkaidi ayenera kuwavomera ndi kusaina asanatuluke. Akakana, amakhalabe m'ndende. Pafupifupi aliyense amalamulidwa kukhala pa adiresi imodzi, kulola kuyenderedwa, kusachoka m'dera la khoti la majisitireti limene akukhala, ndi kusapalamula mlandu wina. Pamwamba pa amenewa pangabwere lamulo lofunafuna ntchito ndi kusaisiya popanda kudziwitsa womuyang'anira, logwira ntchito yothandiza anthu kwaulere, lolipira chipukuta misozi, lopita ku uphungu, losamwa mowa, losafika malo ena ake, kapena losalankhula ndi munthu wina wake.

Ukaidi wapanyumba ndi umene umavuta kwambiri kuusunga. Munthu amaloledwa kuchoka pa maola a ntchito, a kuchipatala, a kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi ena ochepa amene alembedwa, ndipo nthawi ina yonse ayenera kupezeka pakhomo. Womuyang'anira amabwera osanena, usana kapena usiku, pakati pa sabata kapena Lamlungu. Amaimbanso foni kunyumba ndi kuntchito, amamuitana ku ofesi pa masiku oikika, ndipo akhoza kumuyeza mowa kapena mankhwala. Kuchuluka kwa maulendowa kumadalira gulu limene munthu waikidwa, la chiopsezo chachikulu, chapakati kapena chochepa. Amene akusunga malamulo amatsitsidwa gulu pakapita nthawi, ndipo maola ake omasuka amawonjezeka.

Malamulowa akhoza kusinthidwa, koma pempho liyenera kufika zinthu zisanachitike. Amene wapeza ntchito mumzinda wina, kapena wamva za maliro a kholo lake kutali, amapempha chilolezo kaye n'kunyamuka atachilandira. Kupita kaye n'kudzafotokoza pobwera ndi kuphwanya lamulo, ngakhale chifukwa chake chikhale chomvetsa chisoni.

Zimene zimachitika malamulo akaphwanyidwa

Si kuphwanya kulikonse kumene kumabwezera munthu kundende. Gawo 70 limapereka njira zingapo potengera kukula kwa cholakwacho. Pa cholakwa chaching'ono, monga kuchedwa kufika ku ofesi kapena kusapezeka pakhomo kamodzi, munthu amafunsidwa chifukwa chake, ndipo akhoza kungochenjezedwa. Ngati chifukwa chake n'chomveka, paroli imapitirira mmene inalili. Zikabwerezedwa, amaitanidwa pamaso pa komiti yomuyang'anira kapena pa bungwe la paroli, ndipo malamulo ake akhoza kukhwimitsidwa: maola a panyumba amachuluka, kapena amabwezedwa m'gulu la chiopsezo chachikulu. Pa cholakwa chachikulu, monga kuopseza wolakwiridwa, a ndende amatulutsa chikalata chomumangira. Womangidwa motere ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, ndipo bungwe likapemphedwa kuti lithetse paroli yake liyenera kuona nkhaniyo pasanathe masiku 14. Munthuyo amapatsidwa mpata wofotokoza mbali yake.

Paroli ikathetsedwa, munthu amabwerera kukagwira nthawi yotsala ya chilango chake. Nthawi imene anakhala kunja akusunga malamulo imawerengedwa ngati yogwiridwa. Tiyerekeze munthu amene analamulidwa zaka 10 mu Januwale 2016, n'kutuluka pa paroli mu Januwale 2022. Ngati paroli yake yathetsedwa mu Januwale 2024, watsala ndi zaka 2, ndipo chilango chake chimatha mu Januwale 2026 monga kale. Bungwe liyenera kuonanso nkhani yake pasanathe zaka ziwiri, koma mbiri yophwanya malamulo imakhala m'fayilo yake, ndipo imamulemera akamaganiziridwanso.

Kuthawa ndi nkhani ina. Amene wasamuka osanena n'kusowa kwa omuyang'anira wapalamula mlandu watsopano, umene chilango chake chingakhale chindapusa kapena ndende mpaka zaka 10. Kuwonjezera apo, masiku a chilango chake amaima kuwerengedwa tsiku limene wasowa. Munthu wa chitsanzo chija akanathawa mu Januwale 2024 n'kugwidwa mu Januwale 2027, zaka zitatu za kuthawazo sizikanawerengedwa. Akanabwerera kukagwira zaka 2 zotsala mpaka Januwale 2029, kenaka chilango chilichonse chimene khoti lingamupatse chifukwa chothawa. Kuwoloka malire kupita kwawo popanda chilolezo kumalowa m'gulu lomweli.

Wopalamula mlandu watsopano ali pa paroli amakumana ndi zinthu ziwiri zoyenda padera. Mlandu watsopanowo umazengedwa kukhoti monga wina uliwonse, pamene a ndende amaona ngati paroli ithetsedwe, ndipo sakakamizidwa kudikira kuti khoti limalize. Akapezeka wolakwa, chilango chatsopano chimayamba chakale chikatha, pokhapokha khoti litalamula kuti ziyendere limodzi. Kwa wolamulidwa moyo wonse, paroli ilibe tsiku lothera mwa iyo yokha pansi pa lamulo la 1998: amayang'aniridwa moyo wake wonse, ndipo kuthetsa paroli yake ndi mphamvu ya nduna.

Paroli ya odwala

Paroli ya odwala siyembekezera theka la chilango. Gawo 79, mmene linasinthidwira kuyambira mu 2012, limafuna zinthu zitatu pamodzi. Mkaidi akhale ndi matenda osachiritsika amene akumutengera ku imfa, kapena akhale atafooka kwambiri moti sangathe kudzisamala. Chiopsezo choti angapalamulenso chikhale chochepa. Ndipo kunja kukhale dongosolo lomusamala, lomupatsa mankhwala ndi lomuyang'anira. Pempho limadzera ku bungwe la madokotala odziimira paokha, limene limaunika wodwalayo n'kupereka lipoti. Amene watuluka motere sabwezedwa kundende chifukwa chongoti wapeza bwino, koma malamulo ena onse a paroli amamumanga.

Mphamvu ya madokotalawa inayesedwa pa nkhani ya mtsogoleri wakale Jacob Zuma, amene anapatsidwa miyezi 15 mu Juni 2021 chifukwa chonyoza khoti. Mu Sepitembala 2021 mkulu wa ndende zonse wa nthawiyo, Arthur Fraser, anamutulutsa pa paroli ya odwala ngakhale bungwe la madokotala silinavomereze. Mu Novembala 2022 Khoti Lalikulu la Apilo linagamula kuti kutulutsako kunali kosemphana ndi lamulo, chifukwa mkulu wa ndende sangalumphe zimene madokotala apeza pa funso la matenda. Pa 11 Ogasiti 2023 a Zuma anabwerera kundende ya Estcourt, ndipo anatulutsidwa tsiku lomwelo kudzera m'kuchotsera masiku kumene Pulezidenti Cyril Ramaphosa anavomereza kwa akaidi a milandu yopanda chiwawa pofuna kuchepetsa kuthithikana m'ndende.

Kutha kwa paroli

Kwa munthu wa chilango cha zaka zowerengeka, paroli imatha tsiku limene chilango chikanathera akanakhala m'ndende. Kuyambira tsiku limenelo a ndende alibenso mphamvu pa iye: sayenderedwa, sapempha chilolezo choyendera, ndipo sangabwezedwe kundende pa mlandu umenewo. Chimene chimatsala ndi mbiri ya mlandu m'kaundula wa apolisi, imene kumaliza bwino paroli sikuifafaniza.